Malume, galimoto ya manyuwo imene mukunenayo ili kuti?

Mukangoyamba ntchito n'kumveka kuti mukusunga kandalama ka galimoto, pali malangizo amene amabwera musanawapemphe n'komwe. Amabwera ndi malume, amabwera ndi abwana a kuntchito, amabweranso ndi mnzanu amene alibe ngakhale njinga yakapalasa. Akuti gulani ya manyuwo, yosintha magiya ndi dzanja, chifukwa ikawonongeka makaniko aliyense wa pansi pa mtengo wa mango aikonza, pamene ya otomatiki ikafa ndiye kuti mwalira maliro. Ine ndikukana. Kwa munthu amene akugula galimoto yake yoyamba lero, akukhala mu Lilongwe, mu Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo ndalama yake ndi yongokwana kagalimoto kakang'ono kogwirapo kale ntchito, malangizo amenewa ndi akale ndipo akumuluzitsa ndalama.

Sindikunena kuti amalume athu ndi abodza ayi. Zimene akunenazo zinali zoona pa msika umene iwo anagulapo galimoto, nthawi ya Peugeot 504 ndi Datsun, pamene otomatiki inali ya mabwana ochepa ndipo makaniko woidziwa umachita kumufunafuna ngati singano. Msika umenewo unatha. Magalimoto ang'onoang'ono amene adzaza misewu yathu lero amachokera ku Japan, amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo ku Japan komweko pa magalimoto 10 alionse a banja amene amagulidwa atsopano, oposa 9 ndi a otomatiki. Zimene a ku Japan anagula zaka khumi zapitazo ndi zimene ife tikugula lero. Imani pa msewu wa Masauko Chipembere m'mawa muwerenge ma Vitz, ma Passo, ma Mira, ma Note ndi ma Fit amene akudutsa, ndipo musuzumire mwendo wakumanzere wa oyendetsawo. Ukungopuma.

Apa ndi pamene mkangano wonse umasokonekera. Anthu amayankhula ngati pali Vitz ziwiri za chaka chimodzi, mtundu umodzi, zaima moyandikana pa yadi, ina ya manyuwo ina ya otomatiki, ndipo inu mungoloza. Zikanakhala choncho ndikanavomera kuti nkhaniyi ndi yovuta. Koma pitani mukafufuze ndi ndalama ya munthu amene wangomaliza digiri. Ya manyuwo imene muipeze pa mtengo umenewo kawirikawiri ndi Corolla ya m'zaka za m'ma 1990 imene yadutsa m'manja mwa anthu asanu ndipo mwina inagwirapo takisi, kapena galimoto yochokera ku South Africa kaya ku Britain imene sipeya zake sizipezeka pa shopu iliyonse. Ya otomatiki ya mtengo womwewo ndi ya cha m'ma 2008 kapena 2010. Ndiye pamene malume akuti sankhani manyuwo, chimene akukuuzani osadziwa n'chakuti sankhani galimoto yokalamba ndi zaka khumi. Giyabokosi yake ikhoza kukhala yolimba ngati mtondo, koma injini, rediyeta, mawaya, mashoko ndi dzimbiri la pansi pake nazonso zili ndi zaka zomwezo, ndipo zimenezi ndi zimene zimatha malipiro a munthu mwezi ndi mwezi.

Tsono tiyeni tiwerenge bwinobwino. Tiyerekeze mtsikana amene wapeza ntchito ku City Centre ndipo akuchita lendi ku Area 25. Tingoti amayenda makilomita 15 popita, 15 pobwera, masiku 22 pa mwezi. Amenewo ndi makilomita 660 pa mwezi, pafupifupi 8,000 pa chaka. Tikawonjeza kutchalitchi, kumsika, maukwati ndi maulendo angapo a kumudzi, tinene 12,000. Galimoto yoyamba anthu ambiri amakhala nayo zaka zitatu kapena zinayi asanaigulitse, ndiye tikukamba za makilomita 36,000 mpaka 48,000. Pa mtunda umenewu, giyabokosi ya otomatiki imene inagulidwa ili bwino imafuna chinthu chimodzi: kusinthidwa oyilo kamodzi atangoigula, ndipo mwina kachiwiri atatsala pang'ono kuigulitsa. Nthawi iliyonse ndi malita atatu kapena anayi, ndipo ntchitoyo siitenga tsiku lonse.

Nanga ya manyuwo ija? Muli kilatchi, ndipo kilatchi ndi chinthu chimene anachipanga kuti chizitha, ngati mabuleki. Ndi mbale yokhala ndi zopalira m'mbali zonse imene imapanidwa pa chitsulo chozungulira cha injini. Mukaponda, imamasuka, mukamasiya pang'onopang'ono, imakhala ikukhuzana ndi chitsulocho mpaka itagwira. Kukhuzana kumeneko ndi kumene kumaidya. Munthu wodziwa kuyendetsa, woyenda maulendo ataliatali, akhoza kupitirira makilomita 100,000 ndi kilatchi imodzi. Koma mtsikana wathu uja akugula galimoto imene kilatchi yake sadziwa kuti yayenda mtunda wanji, iye mwini mwendo wake sunakhwime, ndipo njira yake ndi ya Kanengo nthawi ya 7 koloko m'mawa, pamene galimoto imasuntha mamita asanu n'kuima, kusunthanso n'kuima. Woyamba kumene amagwira galimoto pa chitunda ndi theka la kilatchi poopa kubwerera m'mbuyo n'kugunda wa kumbuyo, ndipo amatsamiritsa phazi pa kilatchi osadziwa. Ine nditabetcha, ndingati m'zaka zitatuzo asintha kilatchi kamodzi.

Ndipo kusintha kilatchi si kusintha mapulagi. Kilatchi imakhala pakati pa injini ndi giyabokosi, choncho makaniko ayenera kuchotsa ma shafiti a mateyala akutsogolo n'kutsitsa giyabokosi yonse kuti aifikire. Wanzeru amasinthiratu zinthu zitatu pamodzi: mbale ija, chopanira chake, ndi beringi imene imakankha chopaniracho, chifukwa mukasiya chimodzi chakale mudzalipiranso ntchito yomweyo pakapita miyezi ingapo. Zonsezi ndi zochokera kunja, ndipo chiyambire pamene kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 palibe sipeya imene tingaitchule kuti ndi yotchipa. Pali ndi nkhani ina imene amalume saiona. Poti Vitz kapena Fit ya manyuwo ndi yosowa m'dziko muno, zipangizo zake nazonso ndi zosowa. Ogulitsa sipeya amasunga zimene zimayenda malonda, ndipo ophwasula magalimoto angozi amaphwasula zimene zili pamsewu. Lero giyabokosi ya otomatiki ya Vitz yogwirapo ntchito muipeza msanga kuposa ya manyuwo ya galimoto yomweyo.

Mudzati, koma ikafa ya otomatikiyo? Eya, apa pokha ndikuvomera, ndipo sindichepetsa. Ikafa ndi ndalama yaikulu. Amakaniko ambiri kuno saitsegula n'kuikonza mkati. Amangokuuzani kuti pezani ina yogwirapo ntchito, ndipo inayo mumagula osadziwa mbiri yake. Mtengo wake ukhoza kupitirira wa kilatchi kangapo. Koma funso limene anthu safunsa ndi lakuti imafa chifukwa chiyani. Amayankhula ngati ndi mphezi, imangogwa pa aliyense. Ayi. Zambiri zimene zimafa kuno zimaphedwa, ndipo chimene chimazipha ndi oyilo.

Kuti izi zimveke, tiyenera kusiya kunena kuti "otomatiki" ngati ndi chinthu chimodzi. Pa magalimoto ang'onoang'ono a ku Japan pali mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wakale uja wa magiya anayi, umene mumaumva ukusintha giya imodziimodzi. Pamalo pa kilatchi pali chigubu chodzaza oyilo, mkati mwake muli ngati mafani awiri oyang'anizana: injini ikazunguza imodzi, oyilo amakankha inzakeyo. Galimoto ikaima pa mzere, palibe chimene chikupalana, oyilo akungozungulira. N'chifukwa chake mtundu umenewu suopa jamu. Uli mu Corolla ya pakati pa 2000 ndi 2006, mu IST yoyambirira, mu Passo yoyambirira ya 2004 mpaka 2010. Ndi giyabokosi yopirira kwambiri, ndipo amakaniko athu aizolowera.

Wachiwiri ndi umene pa mapepala a galimoto ndi pa botolo la oyilo amaulemba kuti CVT. Umenewu ulibe magiya enieni. Muli mapule awiri, lililonse lopangidwa ndi mbale ziwiri zosongoka zimene zimayandikana kapena kutalikana, ndipo pakati pawo pamadutsa lamba wachitsulo. Pule lina likamatseka linzake limatseguka, ndipo liwiro limasintha mosadukiza. Vitz zambiri za kuyambira 2005 ndi zotere, Note zambiri ndi zotere, Fit zambiri ndi zotere, Passo ya kuyambira 2010 ndi yotere. Lamba uja alibe mano. Amangogwira chifukwa mapule amupana mwamphamvu ndiponso chifukwa oyilo wake anapangidwa mwapadera kuti chitsulo chigwire chitsulo chinzake osatererana. Muikemo oyilo wa mtundu woyamba uja, lamba amayamba kuterera pang'onopang'ono, amakanda mapule, tizitsulo timasakanikirana ndi oyilo n'kutseka tinjira take. Sizichitika tsiku lomwelo. Galimoto imachoka pa galaja ikuyenda bwinobwino, n'kudzayamba kunjenjemera patapita miyezi, ndipo palibe amene amakumbukiranso botolo lija.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti makaniko amene anathira oyilo wolakwikayo ndi yemweyo amene adzapukusa mutu n'kunena kuti, "Bwana, ma otomatikiwa ndi choncho, mukanagula ya manyuwo." Kwa ena oyilo aliyense wofiira ndi ATF, ndipo ATF ndi ya otomatiki, nkhani yatha. Chonsecho mayina ake analembedwa poyera. Corolla ija ya magiya anayi imafuna wolembedwa T-IV, ndipo nthawi zambiri dzinali limapezeka pa kachitsulo koyezera oyilo komweko. CVT ya Toyota ya zaka zimenezo imafuna wolembedwa TC. Note yoyambirira imafuna NS-2, yotsatira yake NS-3. Honda nayo ili ndi wake. Amenewa si mayina okometsera botolo. Munthu amene wakhala zaka zinayi pa yunivesite akuloweza manambala a makosi sangalephere kuloweza zilembo zitatu, kukagula botololo yekha pa shopu yodalirika, n'kuimirira pomwepo pamene akulitsegula. Ma CVT ambiri alibe ngakhale kachitsulo koyezera, ndipo mlingo wa oyilo amauyeza giyabokosi itatentha pa mlingo woikika. Makaniko amene sakudziwa zimenezi, muthokozeni mwaulemu n'kupita kwina.

Amene akuti CVT ndi dzira, ayang'ane Sienta. Sienta zoyambirira zoyendera mateyala akutsogolo okha zili ndi CVT, ndipo ndi zomwezo zimene zikunyamula anthu m'misewu ya m'maboma athu, anthu opitirira mipando, matumba kumbuyo, chitseko chomanga ndi chingwe, kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Eni ake si anthu okonda zofewa. Ndi anthu owerenga kwacha iliyonse, ndipo otomatiki ikanakhala yosalimba monga akunenera malume, bizinesi imeneyi ikanatha kalekale. Zimafa ndithu zina, ndipo ndi chifukwa chake sindingakuuzeni kuti mugule Sienta imene yagwirapo ntchito imeneyi, ngakhale ataipaka penti yatsopano. Koma ngati ikupirira nkhanza zotere kwa zaka, kukutengerani inu nokha ku ofesi ndi chikwama cha laputopu si ntchito yoti iiope.

Ngozi yeniyeni ya wogula koyamba ndi kugula giyabokosi imene wina anaipha kale. Ubwino wake, yodwala imadziulula mukaipatsa mpata. Pitani m'mawa, galimoto isanalizidwe. Wogulitsa akakuuzani kuti waitenthetsa kale kuti musadikire, bwerani tsiku lina. Tembenuzani kiyi osaliza injini, muone kuti nyali zonse za pa dashibodi zayaka, kuphatikizapo ya chithunzi cha injini, chifukwa pali ena amene amazula nyali imeneyo kuti isawaulule. Mukaliza, pondani buleki n'kuchotsa pa P kupita pa D. Iyenera kugwira pasanathe masekondi awiri, mofewa. Ikachedwa, kapena ikagwira ndi chigugu chogwedeza galimoto yonse, pali vuto. Chitaninso chimodzimodzi pa R, chifukwa nthawi zina giya ya m'mbuyo ndi imene imayamba kuonetsa matenda.

Kenako iyendetseni mphindi 20 kapena 30, osati kungozungulira mpanda wa yadi. Zovuta zambiri zimaoneka oyilo akatentha. Pezani chitunda, imani pakati pake, n'kunyamukanso pang'onopang'ono. Galimoto ikanjenjemera ponyamuka ngati ikudutsa pa malata, samalani. Fit yoyambirira ya 2001 mpaka 2007 imadziwika ndi vuto limeneli. Mvetserani ngati pali kulira kwa mluzu kumene kukukwera pamodzi ndi liwiro. Pa ya magiya anayi, injini ikakuwa pakati pa giya ina ndi inzake galimoto osawonjeza liwiro, ndiye kuti mkati mukuterera. Koma pa CVT musasokonezeke: mukaponda moto kwambiri injini imakwera n'kukhala pa phokoso limodzi pamene liwiro likuwonjezeka, ndipo umo ndi mmene anaipangira. Chimene muyenera kuopa ndi singano ya injini yodumphadumpha phazi lanu lili malo amodzi. Ngati pali kachitsulo koyezera oyilo, kapukuteni pa pepala loyera. Wofiirira kapena wabulauni pang'ono alibe vuto. Wakuda wonunkha ngati nsima yopserera, kapena wooneka ngati mkaka wa pinki, zimene zikusonyeza kuti mwalowa madzi, akukuuzani kuti bwererani kunyumba ndi ndalama yanu. Pomaliza lipirani munthu wa kompyuta yoyezera magalimoto ailumikize. Pa ndalama zonse zimene muwononge pa galimotoyo, imeneyi ndi yaing'ono kwambiri. Za makilomita a pa dashibodi musazikhulupirire kwambiri, manambala amabwezedwa.

Pali mitundu ina ya otomatiki imene kwa wogula koyamba ndingati ingoisiyani. Ndi ija imene mkati mwake ndi manyuwo yokhala ndi makilatchi ouma oyendetsedwa ndi kompyuta. Fit ya haibulidi imene inatuluka mu 2013 ili ndi yotere, ndipo kampani yake inaiitanitsa kangapo ku Japan kuti ikakonzedwe. Volkswagen zing'onozing'ono zambiri zolembedwa DSG zilinso m'gulu lomweli. Zimatentha pa jamu ndi pa zitunda, ndipo kuzikonza kumafuna zida ndi anthu amene kuno ndi ochepa. Apa ndiye malume akadanena zoona, akanakhala kuti amazisiyanitsa.

Tibwere ku mfundo imene amaikonda kwambiri: kukankha. Akuti batire likafooka, ya manyuwo mungoitana anyamata atatu, giya yachiwiri, kusiya kilatchi, yalira. Ya otomatiki simungaikankhe. Ndi zoona. Koma taganizani zimene tikuuzidwa pano: kuti mupondeponde kilatchi kambirimbiri tsiku lililonse kwa zaka zitatu pofuna kukonzekera m'mawa umodzi umene munaiwala kuzimitsa nyali. Mawaya olumikizira mabatire awiri amakwana pansi pa mpando, ndipo m'tauni simungadikire nthawi yaitali musanapeze wokuthandizani. Komanso galimoto za masiku ano, ngakhale za manyuwo, zimapopa mafuta ndi magetsi ndipo zimayendetsedwa ndi kompyuta. Batire likaferatu, anyamata aja akhoza kukankha mpaka ku Lumbadzi osalira.

Chimene chili chachikulu kuposa kukankha, koma amalume sachitchula, ndi kukoka. Pampu ya oyilo wa giyabokosi ya otomatiki imazunguzidwa ndi injini. Injini ikazima, oyilo sayenda, ndiye mukaimanga chingwe n'kuikoka mtunda wautali mateyala akutsogolo ali pansi, zamkati zimazungulira zouma. Galimoto imene inangofa pampu ya mafuta pa Zalewa ikhoza kufika ku Blantyre itafanso giyabokosi. Kuisuntha mamita ochepa ili pa N, monga timachitira pa mizere ya mafuta ija injini itazimitsidwa, palibe vuto. Koma ulendo wautali umafuna galimoto yonyamula inzake, ndipo imeneyo ndi ndalama imene mwini otomatiki ayenera kuiyembekezera.

Za mafuta, nkhani yakuti otomatiki imamwa inachokera ku mtundu wakale uja, ndipo pamenepo muli choonadi pang'ono: ya magiya anayi imamwa kuposa ya manyuwo ya injini yofanana, koma kusiyana kwake si koti n'kusinthira chisankho. CVT imafanana ndi manyuwo, nthawi zina kuiposa, makamaka manyuwoyo ikakhala m'manja mwa munthu amene amachedwa kusintha giya. Ndipo kumbukirani kuti sitikuyerekeza injini zofanana. Tikuyerekeza Vitz ya lita imodzi ndi Corolla yokalamba ya injini yokulirapo.

Za mapiri, vuto si giyabokosi koma kusadziwa. Anthu ambiri amaphunzira P, R, N ndi D, zilembo zinazo amaziona ngati zokongoletsa. Mukamatsika Chiweta, kapena msewu wokhotakhota wochokera ku Dedza kutsikira ku Golomoti, kapena phiri la Zomba, kapena potsikira ku Chikwawa, mukasiya pa D n'kudalira buleki yokha, mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako phazi limangolowa pansi. Chepetsani liwiro musanayambe kutsika, muike pa 2 kapena L, kapena pa S kaya B ngati galimoto yanu ili ndi zilembo zimenezo, injini igwire galimoto monga imachitira pa manyuwo. Ndipo chonde, chizolowezi choika pa N potsetsereka kuti musunge mafuta chisiyeni kwa amene anachiyambitsa. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi galimoto ili m'giya, ndiye pa N mukuwononga mafuta ambiri n'kutayanso chogwirira chanu. Pokwera, makamaka pa zitunda za ku Ndirande kapena ku Bangwe pamene minibasi yaima mwadzidzidzi patsogolo panu, woyamba kumene wa otomatiki amangochotsa phazi pa buleki n'kuponda moto. Mnzake wa manyuwo thukuta lili kamukamu, injini yazima kachiwiri, ndipo a kumbuyo akuimba mahutala.

Pali ena amene mfundo zikawathera amatulukira poyera n'kunena chimene chinali mumtima: otomatiki ndi ya azimayi, mwamuna weniweni amasintha giya. Amenewa sindilimbana nawo kwambiri. Ndingowakumbutsa kuti maso ndi nzeru zimene woyendetsa watsopano akuthera pa mwendo wakumanzere ndi zomwezo zimene zikufunika kuti aone wa kabaza amene watulukira kumanzere kwake pa Mchesi, ndi mwana wasukulu amene akuwoloka pakati pa maminibasi. Chaka choyamba pamsewu ndi chimene munthu amalakwitsa kwambiri, ndipo chitseko chimodzi chophwanyika n'chokwanira kumeza zonse zimene akuti mukanasunga.

Kodi palibe amene ndingamuuze kuti gulani ya manyuwo? Alipo. Ngati ntchito yakutumizani kutali ndi tauni, kumene msewu wa tala mumauona pa tsiku lolandira malipiro lokha, ndipo galimotoyo izinyamula matumba a chimanga ndi feteleza, nkhani yasintha. CVT imadana ndi katundu wolemera pa mtunda wautali chifukwa oyilo wake amatentha, ndipo imadana kwambiri ndi matope: teyala likamazungulira pachabe kenako n'kugwira mwadzidzidzi pouma, kugwedezeka konseko kumafikira lamba uja. Kusinthasintha pakati pa D ndi R mateyala akuzungulira pofuna kutuluka m'matope ndi njira yachidule yoiphera. Kumeneko kulibenso kompyuta yoyezera kapena botolo la NS-2, pamene kilatchi makaniko wa pa teledingi senta aisintha. Komabe ngakhale kumeneko, chimene chimayamba kukugwetsani ulesi ndi kufupika kwa galimoto, osati giyabokosi. Vitz ya manyuwo imakhala pamimba m'matope chimodzimodzi ndi ya otomatiki. Munthu wa kumeneko akufunika kapikapu kapena galimoto yaitali miyendo, ndipo imeneyo ndi bajeti ina.

Chinanso chimene ndingagwirizane ndi malume n'chakuti ku sukulu yoyendetsa galimoto phunzirani pa manyuwo, ndipo mayeso mulembere pa manyuwo. Ambiri a ife tikufunsira ntchito ku mabungwe ndi ku boma, kumene Land Cruiser ndi Hilux za kumudzi zambiri zikadali zosintha ndi dzanja, ndipo tsiku lina dalaivala adzadwala muli pakati pa Nthalire ndi Chitipa. Luso limenelo likhale m'mwendo mwanu. Koma kudziwa kuyendetsa galimoto ya bungwe ndi nkhani ina, kugula yanu ndi ndalama ya ngongole ya kubanki ndi nkhani inanso. Ya bungweyo kilatchi ikatha amalipira ndi a ofesi ya zachuma.

Ndipo zaka zitatu zija zikatha, mtsikana wa ku Area 25 uja adzafuna kugulitsa kuti agule yokulirapo. Adzaijambula n'kuiika pa magulu a WhatsApp, ndipo funso loyamba limene adzalandire, mtengo asanafunsidwe n'komwe, ndi lakuti, "Ndi ya oto?" Ogula ambiri a galimoto zazing'ono lero ndi anthu ngati iye, ena anaphunzirira pa otomatiki ndipo kilatchi sanaigwirepo. Akadzakhala ndi malisiti awiri a oyilo wolembedwa TC, deti ndi makilomita zili pomwepo, sadzachedwa kupeza wogula. Wa Corolla ya 1998 uja adzakhala akuyankha mafoni a anthu ofuna injini yokha.